Masekondi 45 ofotokoza za Yesu: momwe tinalakwitsira ndi momwe tinakonzera mawu a kanema

Lipotili ndi la kanema mmodzi amene anatitengera masiku asanu ndi anayi m'malo mwa awiri. Ine ndimalemba ndi kukonza mawu a makanema afupiafupi a kagulu kofalitsa uthenga pa mpingo wathu. Abusa anali ataphunzitsa kwa mphindi 40 za funso lakuti Yesu ndi Mulungu komanso munthu motani, ndipo anatipempha kuti tipangepo kanema woonera pa foni, woti atuluke sabata ya Pasaka. Malire amene tinadziikira anali masekondi 45, chifukwa makanema athu otalika kuposa pamenepo anthu ankawasiyira panjira.

Masekondi 45 ndi ochepa kuposa momwe amamvekera. Ndinadziyesa ndi wotchi kangapo: ndikamawerenga Chichewa mosathamanga, ndikupuma pomwe pafunika, ndimatula mawu pafupifupi 95 pa mphindi. Ndiye kuti thumba lathu linali la mawu 70 basi. Zolemba za abusa zinali masamba asanu ndi limodzi.

Zimene ndinalemba koyamba

Ndinawerenga masambawo, ndikudula mzere pansi pa ziganizo zimene zinkandikoma m'khutu, kenako ndinazipana mpaka zinakwana. Zinatuluka izi:

"Kodi Yesu anali Mulungu kapena munthu? Yankho likudabwitsani. Mulungu anasiya umulungu wake kumwamba, n'kuvala thupi ngati lathu. Kunja anali munthu, m'kati anali Mulungu. Akamalira, anali munthu akulira. Akamachita zozizwitsa, anali Mulungu akugwira ntchito. Pa mtanda munthuyo anafa, koma Mulungu sangafe. Yesu: theka Mulungu, theka munthu, Mpulumutsi wathunthu."

Mawu 47, masekondi 30. Ndinanyadira, makamaka mzere womalizawo, chifukwa umagwa bwino pakamwa. Wojambula wathu anaukondanso ndipo anayamba kale kuganizira zithunzi.

Abusa atawerenga anakhala chete kaye, kenako anati, "Mwana wanga, zimenezi ndinanena ine?" Ndinati zonse ndatenga m'masamba awo. Anati, "Bweretsa masambawo tiike pambali pa pepala lakoli, tione pamene tinasiyana njira." Tinakhala maola awiri tikutsata chiganizo chilichonse kubwerera kumene chinachokera, ndipo chimene ndinaona chinandichititsa manyazi: palibe pamene ndinapeka bodza. Paliponse ndinangochotsa kamawu kamodzi kapena kusinthanitsa mawu awiri ooneka ngati ofanana.

Pamene panaduka chiphunzitso

Poyamba panali pa "anasiya umulungu wake kumwamba". Abusa, pofotokoza Afilipi 2:6-7, analemba kuti Mwana sanakakamire ulemerero wake, koma anadzichepetsa potenga maonekedwe a kapolo. Ine ndinaona kuti "ulemerero" ndi mawu a m'tchalitchi ovuta kwa munthu wa kunja, ndiye ndinaikapo "umulungu", ndipo "sanakakamire" ndinamusandutsa "anasiya". Zotsatira zake n'zakuti amene ankayenda m'Galileya sanalinso Mulungu. Ndimeyo imanena za kudzichepetsa kochitika potenga chinthu, osati potaya chinthu, ndipo Akolose 2:9 amati chidzalo chonse cha umulungu chikhala mwa iye m'thupi. Chodabwitsa n'chakuti chiganizo changa chotsatira chinkati m'kati anali Mulungu. Ndinadzitsutsa ndekha m'masekondi asanu osazindikira, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha chinkamveka ngati zimene timamva kawirikawiri.

"N'kuvala thupi" ndi "kunja munthu, m'kati Mulungu" zinali vuto lachiwiri, ndipo ndi limene ndinalimbana nalo kwambiri kuti ndivomereze, popeza ndi mmene anthu ambiri timalankhulira. Chovala si mwini wake. Munthu akavala malaya sakhala malaya, ndipo madzulo amavula. Womvera akatenga chithunzi chimenechi amapita kwawo akuganiza kuti Yesu anali Mulungu wobisala m'chikopa cha munthu, wopanda maganizo a munthu, wopanda mzimu wa munthu. Izi n'zimene anaphunzitsa Apolinari wa ku Laodikeya, kuti Mawu a Mulungu analowa m'malo mwa nzeru za umunthu mwa Yesu, ndipo msonkhano wa ku Konstantinopo mu 381 unazikana. Gregori wa ku Nazianzo anamuyankha ndi mfundo yakuti chimene Khristu sanachitenge sanachichiritse: ngati sanatenge maganizo a munthu, ndiye kuti maganizo athu sanaomboledwe. Ndiponso Luka 2:52 amati Yesu ankakula mu nzeru. Chikopa sichikula mu nzeru.

Pachitatu ndi pamene ndimakonda kuonetsa anzanga atsopano m'gululi, chifukwa cholakwikacho chimaoneka ndi maso. Abusa analemba kuti: "analira monga munthu, anachita zozizwitsa monga Mulungu." Ine, pofuna kuti zimveke mwamphamvu, ndinalemba kuti "anali munthu akulira" ndi "anali Mulungu akugwira ntchito". Kamawu kakuti "monga" kanali kakugwira ntchito yaikulu: kankanena kuti wolira ndi wochita zozizwitsa ndi mmodzi, wochita zinthu m'njira ziwiri. Nditakachotsa munatsala anthu awiri osinthana mpando m'thupi limodzi, ndipo "munthuyo anafa" anangomaliza kuwalekanitsa. Chiphunzitso chogawa Khristu pawiri chotere chimatchedwa ndi dzina la Nestoriyo, bishopu wa ku Konstantinopo amene anachotsedwa pa udindo ku Efeso mu 431. Akatswiri amatsutsanabe ngati iye mwini anaphunzitsadi zonse zimene amamunenera, koma pepala langa linaziphunzitsa mosabisa. Paulo pa 1 Akorinto 2:8 sananene kuti anapachika munthu amene Ambuye ankakhalamo. Anati anapachika Ambuye wa ulemerero.

Za "theka ndi theka" sindichulutsa. Theka la munthu si munthu, theka la Mulungu si Mulungu. Mzerewo ndinaulemba chifukwa cha kukoma kwake basi.

Kusintha funso

Ulendo wachiwiri ndinapita mbali inayo. Ndinatenga mawu a msonkhano wa ku Kalikedoni wa mu 451, amene mpingo wathu umatsatira pa nkhaniyi: Khristu mmodzi, wodziwika mu umulungu ndi umunthu mosasakanizika, mosasinthika, mosagawanika, mosalekanitsika. Ndinawadzaza m'mawu 70 pamodzi ndi mavesi atatu. Abusa sanapezemo cholakwika chilichonse. Koma nditawerengera mtsikana wa m'gulu lathu amene amakonza mawu olembedwa pansi pa kanema, anati, "Achimwene, zamveka zaulemu, koma sindingathe kubwereza ngakhale chimodzi." Pepala lolondola limene womvera sanalimve silisiya m'mutu mwake chopanda kanthu. Iye amabwerera ku chithunzi chimene anali nacho kale, ndipo kawirikawiri ndi cha malaya chija.

Apa m'pamene ndinaona kuti vuto linayambira pa funso. "Kodi Yesu anali Mulungu kapena munthu?" ndi funso lofuna mphindi 40 zonse zija, ndipo "kapena" amakankhira womvera kuti asankhe chimodzi kapena agawe pakati. Ndinafunafuna funso laling'ono limene yankho lake lathunthu lingakwane m'mawu 70 popanda kuchepetsedwa. Popeza inali nyengo ya Pasaka, tinagwirizana pa ili: amene anafa pa mtanda ndani? Funso lakuti "ndani" limafuna yankho la mmodzi, ndiye umodzi wa Khristu umakhala utalowa kale tisanaufotokoze.

Ndisanalembe liwu lililonse, ndinatenga pepala n'kuligawa pawiri. Kumanzere ndinalemba zimene womvera ayenera kutuluka nazo, ndipo zinali zitatu zokha: ndi mmodzi, ndi Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, anafadi. Kumanja ndinalemba zimene sayenera kutuluka nazo ngakhale atamvera mwatheka: kuti analeka kukhala Mulungu, kuti ankangooneka ngati munthu, kuti anali awiri, kuti umulungu ndi umunthu zinasungunukirana n'kukhala chinthu chachitatu, kuti Atate ndiwo anapachikidwa. Mbali ya kumanjayi ndi imene ndinalibe poyamba paja. Tsopano chiganizo chilichonse chimene ndalemba ndinkachifunsa kuti, munthu atangomva chokhachi, chingamufikitse pa mzere uti wa kumanja?

Mawu a Chichewa amene anatipinga

Panatitengera tsiku lathunthu posankha liwu loimira zimene Kalikedoni amati ndi ziwiri mwa Khristu. "Chikhalidwe" anthu amamva ngati makhalidwe, ndiye "zikhalidwe ziwiri" zimamveka ngati munthu wosinthasintha, lero wofatsa mawa waukali. "Chilengedwe" chimanunkha kulengedwa, chomwe sitinganene za umulungu. "Chibadwa" chimakokera ku kubadwa. Tinaleka kufunafuna liwu limodzi lophimba zonse ziwiri, tinangozitchula maina awo: umulungu ndi umunthu.

Koma "umunthu" nawo uli ndi msampha wake. Pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku, munthu wa umunthu ndi wachifundo, wolemekeza anzake. Mmodzi mwa amene tinawayesa atamva kuti "anatenga umunthu wathu" anafotokoza kuti Yesu anali wokoma mtima ngati anthu abwino. Sitinalitaye liwulo, koma tinalimangirira pompo potchula zimene zili m'kati mwake: thupi, mzimu, maganizo. Abusa anakana "mzimu" wokha, ponena kuti pa pepala chilembo chaching'ono chimasiyanitsa, koma khutu silimva chilembo, ndipo ambiri adzaganiza za Mzimu Woyera. Tinalipira mawu awiri owonjezera n'kunena kuti "mzimu wa munthu". Ndinadandaula ndi mawu awiriwo, koma iwo ndi amene amatseka khomo la Apolinari.

Panalinso "kusandulika". Ambirife tinaloweza Yohane 1:14 kuti Mawu anasandulika thupi, ndipo ndinkafuna kutsegula nawo kanemayo. Pa ulaliki palibe vuto, chifukwa mlaliki ali ndi nthawi yofotokoza. Koma m'kulankhula kwathu, chinthu chikasandulika chimaleka kukhala chimene chinali: madzi akasandulika vinyo, madziwo palibenso. M'kanema wopanda malo ofotokozera, vesi loona likanabala maganizo olakwika. Tinagwiritsa ntchito "anatenga", ndipo patsogolo pake tinaika chiganizo chachifupi chakuti sanaleke kukhala Mulungu. Ndinachiika patsogolo dala, kuti wosiyira kanema panjira akhale atamva kale mpandawo.

Mawu amene tinajambula

"Kodi amene anafa pa mtanda ndani? Ndi Yesu, Mwana wa Mulungu, amene analipo dziko lisanalengedwe. Sanaleke kukhala Mulungu. Anatenga umunthu wathu wonse: thupi, mzimu wa munthu, maganizo, kupatula uchimo. Yemweyo amene analira pa manda a Lazaro ndi amene anamuitana kuti atuluke. Si awiri, ndiponso si theka uku theka uku. Ndi mmodzi: Mulungu weniweni, munthu weniweni. Umulungu sufa. Koma iye anafadi, mu umunthu umene anautenga kukhala wake, ndipo tsiku lachitatu anauka."

Mawu 70, masekondi 44. Chiganizo cha Lazaro ndi chimene chinasenza katundu wambiri. M'malo mwa fanizo lopeka, tinatenga nkhani ya pa Yohane 11, pamene kulira ndi kuukitsa wakufa zili pa tsamba limodzi, pa manda amodzi, ndipo wochita ndi mmodzi. Mafanizo a chiphunzitsochi amene ndikuwadziwa amayenda bwino mpaka pena, kenako amafunika kuwakonza ndi chiganizo chakuti "koma sizifanana kwenikweni chifukwa...", ndipo chiganizo chimenecho ndi chimene chimayamba kudulidwa nthawi ikachepa. Nkhani ya m'Malemba sifuna kukonzedwa pambuyo. Liwu lakuti "yemweyo" nalonso silinangobwera: chikalata cha Kalikedoni chimabwereza kangapo kuti mmodzi yemweyo, ndipo Chichewa chili ndi liwu limodzi lochita ntchitoyo bwino lomwe.

Zithunzi zinatsala pang'ono kubwezeretsa zonse

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, mpaka wojambula anandionetsa zimene anakonza. Pa mawu akuti "Mulungu weniweni, munthu weniweni" anaika madontho awiri a utoto, lachikasu ndi labuluu, akuyandikirana mpaka kusakanizika n'kukhala dontho limodzi lobiriwira. Zinali zokongola. Zinalinso chiphunzitso chimene chimatchedwa ndi dzina la Yutike, mkulu wa amonke ku Konstantinopo, chimene Kalikedoni anachikana: chobiriwiracho si chachikasu ndipo si chabuluu, ndi chinthu chachitatu. Wojambulayo anati, "Koma mawu anu sindinakhudze." Zoonadi sanakhudze. Kungoti ambiri amaonera makanemawa atatseka mawu, ndipo ngakhale otsegula amakumbukira chimene diso laona kuposa chimene khutu lamva. Anayesa bwalo logawidwa pakati, mbali iyi mtundu wina, mbali iyo wina. Limenelo linali theka ndi theka uja atabwerera pa khomo la kuseri. Pomaliza tinasiya kujambula chiphunzitsocho. Pa chiganizocho pamangooneka nkhope ya wolankhula ndi mawu olembedwa.

Mawu olembedwa pansiwo anali ndi vuto lawo. Pulogalamu yodulira kanema imawagawa m'timagulu ta mawu atatu kapena anayi, ndipo "Umulungu sufa" anaima yekha pa sikirini kwa masekondi awiri, "Koma iye anafadi" n'kubwera chithunzi chitasintha kale. Munthu wojambula sikirini pamenepo n'kutumizira mnzake akanafalitsa theka la mfundo, theka lomwe palokha limamveka ngati Yesu sanafe kwenikweni. Tinakonza pamanja kuti ziganizo ziwirizi zionekere limodzi, ndipo wojambula sanadule chithunzi pakati pawo. Mutu wa pachikuto anali ataulemba kuti "Mulungu anafa?!" pofuna kukopa anthu. Mutu umaonedwa ndi anthu ambiri kuposa otsegula kanemayo, ndiye tinaikapo funso lenileni lija, lakuti anafa pa mtanda ndani.

Kuyesa

Abusa amawerenga ndi mutu wodzaza kale chiphunzitsocho, choncho pamene pali mpata amadzazapo okha osadziwa. N'chifukwa chake kuvomereza kwawo sikunandikwanire. Ndinaonetsa kanemayo kwa anthu asanu amene sanamve phunziro lija, aliyense payekha, kamodzi kokha, awiri mwa iwo mawu atatsekedwa. Sindinawafunse ngati amva, chifukwa aliyense amati eya. Ndinawapempha kuti andifotokozere ngati akuuza mwana, kenako ndinawafunsa mafunso atatu ochokera ku mbali ya kumanja ija: Yesu ali pa dziko anali akadali Mulungu? Njala ankaimvadi kapena ankangoonetsa? Wolira ndi woukitsa Lazaro anali mmodzi? Anayi anayankha bwino onse atatu. Wachisanu, bambo wachikulire, anati njala ankangoionetsa kuti atiphunzitse. Nditafufuza ndinapeza kuti maganizowo anabwera nawo, sanawatenge m'kanemamo. Kanemayo anangolephera kuwachotsa. Tinakambirana zowonjezera chiganizo cha kutopa kwa Yesu pa chitsime, cha pa Yohane 4:6, koma pakanafunika kuchotsa cha Lazaro kapena cha kuuka. Tinasiya momwemo. Masekondi 44 sangazule zonse zimene munthu wakhala nazo zaka makumi, ndipo ine ndinakhutira kuti sitinabzalemo chatsopano cholakwika.

Zimene zinatsala

Chiganizo chachiwiri chili ndi kufooka kumene ndinakuona mochedwa. Kuti Mwana analipo dziko lisanalengedwe, ngakhale Ariyo, amene msonkhano wa ku Nikeya unamutsutsa mu 325, akanavomereza, chifukwa iye ankati Mwana ndi woyamba kulengedwa, zina zonse zisanakhalepo. Chimene chimapulumutsa chiganizocho ndi chotsatira chake, chakuti sanaleke kukhala Mulungu, pamodzi ndi "Mulungu weniweni" kutsogoloko. Komanso "amene" wa m'chiganizocho khutu likhoza kumulumikiza ndi "Mulungu" m'malo mwa "Mwana". Tikadzajambulanso ndidzalemba kuti "Mwana wa Mulungu wopanda chiyambi", zomwe n'zazifupi ndiponso zolimba.

Sitinanene paliponse kuti "Akhristu onse amakhulupirira izi m'mawu awa". Akatolika, a Orthodox a kum'mawa ndi mipingo yambiri ya Chiprotestanti amalandira Kalikedoni, koma mipingo yakale ya Chikopti, ya ku Itiyopiya, ya ku Armeniya ndi ya Chisiriya sinalandire mawu a msonkhanowo, ngakhale kuti nayonso imakana zoti umunthu wa Khristu unamezedwa ndi umulungu. Pansi pa kanemayo tinangolemba kuti ndi mmene mpingo wathu umaphunzitsira, ndi kumene munthu angapeze phunziro lonse la mphindi 40.

Kanemayo sanena chifukwa chimene Yesu anafera, ndipo satchula Atate kapena Mzimu Woyera. Tinazisiya tikudziwa. Atatuluka, funso limene anthu anatifunsa kangapo linali lomwe sitinaliyembekezere: ngati Mwana wa Mulungu anafadi, ndani ankasunga dziko masiku amene anali m'manda? Yankho lake likufuna Ahebri 1:3, likufunanso kufotokoza kuti imfa ndi kulekana kwa mzimu ndi thupi osati kuleka kukhalapo, komanso kuti umulungu wa Mwana sunatsekeredwe m'thupi. Pepala lake logawa pawiri ndayamba kale, ndipo mbali ya kumanja yafika mizere isanu ndi umodzi ndisanalembe chiganizo choyamba.